ERP ya pa kilaudi kapena seva ya mu ofesi? Yambani mwawerenga nthambi zanu

ERP ndi pulogalamu yoyendetsera malonda, sitoko ndi maakaunti a kampani pamodzi, ndipo imatha kukhala pa seva ya mu ofesi kapena pa kilaudi, kutanthauza pa maseva a kampani ina omwe mumawafikira pa intaneti. Mabwana ambiri akamva kuti intaneti ya kwathu kuno ndi yoduladula, amathamangira kunena kuti tigule seva yathuyathu, ikhale mu ofesi, tiziyiona ndi maso. Ine ndimatsutsa ganizo limeneli ngati kampaniyo ili ndi nthambi.

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa. Likulu ndi nyumba yosungira katundu zili ku Limbe, nthambi zili ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Seva mwaiika ku Limbe. Anzathu a ku Mzuzu aifikira bwanji? Pa intaneti yomweyo. Tsiku lomwe waya wa ku Limbe waduka, kapena magetsi athima jenereta n'kukana kulira, nthambi zonse ziwiri zaima, makasitomala ali pa mzere, invoisi osatuluka. ERP ikakhala pa kilaudi, vuto la ku Limbe limathera ku Limbe konko, ena akugulitsabe.

Seva ya mu ofesi ndimaivomereza pomwe ntchito yonse ili malo amodzi, monga fakitale yomwe sikelo, sitoko ndi akauntanti zili mu mpanda umodzi. Komabe pafunika mabatire, chipinda chozizira, ndi munthu wokopera deta tsiku lililonse n'kukaisunga kwina. Aziyesanso kuibwezeretsa, chifukwa ambiri amadzazindikira kuti zomwe ankasunga sizitseguka tsiku lomwe seva yapsa.

Musanasankhe, yezani intaneti yanu. ERP sifuna liwiro lalikulu, imafuna kulumikizana kosadukiza. Pa kompyuta ya Windows, pa nthambi iliyonse, tsegulani Command Prompt n'kulembamo izi nthawi yomwe ntchito yachuluka:

```
ping -n 500 8.8.8.8
```

Pamapeto ikuuzani kuchuluka kwa mauthenga omwe atayika m'njira. Bwerezani kwa masiku angapo, makamaka kumapeto kwa mwezi. Ngati akutayika pafupipafupi, ikani njira yachiwiri ya intaneti yochokera ku kampani ina, pa rauta yomwe imasintha yokha yoyamba ikagwa. Njira ziwiri zodutsa mu ngalande imodzi sizithandiza, khasu limodzi lidula zonse.

Wogulitsa pulogalamu akakuuzani kuti yake imagwira ntchito popanda intaneti, mupempheni azule waya inu mukuona. Nthawi zambiri chimapitiriza ndi gawo la pa kauntala lokha, monga zilili ndi ERP yotchedwa Odoo, osati ERP yonse. Mufunseninso chimachitika n'chiyani anthu awiri akagulitsa matumba omaliza omwewo a simenti netiweki kulibe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa kilaudi ndi ndalama. Ogulitsa ERP ambiri amalipiritsa m'madola, mwezi ndi mwezi, pa munthu aliyense wogwiritsa ntchito. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo bilu yotere inakwera tsiku limodzi. Kambiranani zolipira m'makwacha kudzera kwa wothandizira wa konkuno, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti deta yanu mutha kuitenga yonse mukafuna kuchoka.