Ndinadwala ku Joni, foni ya kumudzi inafunsa feteleza

Kwathu ndi ku Bembeke, ku Dedza, koma chino n'chaka chachisanu ndili ku Joni, ndikugwira ntchito ya m'gadeni kwa mabwana awiri. Mwezi ukayenda bwino ndimapeza R4,500. Lendi ya kachipinda kamalata ku Diepsloot imadya R900, mateksi R800, chakudya R1,000, chikhalirecho ndiwo zake ndi mapazi a nkhuku. Pa R1,800 yotsalayo, R1,500 inkapita kumudzi mwezi ndi mwezi kwa zaka zinayi.

Za amayi sindidandaula. Anandiphunzitsa sukulu ndi mbatatesi yosenza pamutu mpaka kumsewu, ndipo ngongole imeneyo sindidzaimaliza. Chondiwawa n'chakuti poti ndine mwinimbumba, atsibweni a ana asanu a alongo anga, chilichonse chimagwera ine: fizi, yunifolomu, ngakhale sopo, alamu anga ali pomwepo, manja ali bwinobwino. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi yomweyo inayamba kutuluka makwacha ambiri pafoni, iwo n'kumati ndakwezedwa pantchito. Kuno sanandionjezere olo senti.

Mu Juni chaka chatha chisanu chinandilowa m'chifuwa, ndinagona milungu itatu. Ntchito yathuyi tsiku lomwe sunapite sulandira. M'chitini munali R300 yokha, mwininyumba akugogoda m'mawa uliwonse. Amene ankandiphikira phala ndi mnyamata wa ku Tsangano wogona chipinda choyandikana, si m'bale wanga, ndipo anandibwereka R500 ya lendi. Foni ya kumudzi italira ndinati afuna kumva za thupi. Mlongo wanga anandimva ndikutsokomola, n'kuti, "Pepani achimwene. Nanga za feteleza wa kudimba zija?" Ndinalira usiku umenewo.

Ndili chigonere ndinaganiza za maliro anga. Ndikanafa, mtembo ukanayenda bwanji kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pachipata cha Dedza? Zaka zinayi zotumiza, ndinalibe khobidi losunga, ndinalibe gulu la maliro. Anzathu akanayenda ndi mbale kupemphetsa, apo ayi amayi omwewo akanapinyolitsa munda.

Nditadzuka ndinasintha. Tsopano R800 imapita pafoni ya amayi eni ake, osadzeranso mwa munthu. R150 ndimasonkha ku gulu la maliro la anthu akwathu, R500 ndimasunga ndipo sindiikhudza ngakhale wina alire motani. Fizi ndikulipirira mwana mmodzi, mtsikana amene ali Fomu 3, teremu ndi teremu. Enawo ali ndi abambo awo.

Mlongo wanga watha miyezi inayi osandiyankhula, akuti Joni yandilowa m'mutu. Zimandipweteka, chifukwa ndinamubereka kumsana ali khanda. Amayi okha ndiwo anaimba Lamulungu lapitali, n'kundifunsa ngati ndagula jekete yoti ndizivala m'chisanu.