Sikweya ya m'manja siyokwanira poyeza kona ya nyumba

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kudana ndi amisiri amene akumanga nyumba ya mayi anga ku Mpondasi, ndipo nkhani yake inali ya masentimita 8 okha. Ndaona kuti ndiilembe pano chifukwa ambiri a ife tikamamangitsa timangowerenga matumba a simenti ndi njerwa, za kona sitifunsa n'komwe.

Nyumbayo ndi ya mamita 7 kumaso, mamita 9 kulowa kumbuyo. Ndinafika m'mawa dzuwa la kuno lisanayambe kulusa, ndinapeza zikhomo akhoma kale, zingwe zakungidwa, anyamata agwira makasu akudikira kuti ayambe kukumba fawundeshoni. Ndinafunsa kuti makona ayeza ndi chiyani. Amisiriwo anatulutsa sikweya yachitsulo ija, yotalika ngati rula ya mwana wa sukulu, n'kuigunditsa pamene zingwe zadutsana.

"Onani nokha achimwene, yakhala bwinobwino."

Ndinati, "Bambo, sindikukayikira ntchito yanu, koma tiyeni tingoponyapo tepi mtima wanga ukhale pansi."

Nkhope inasintha pang'ono, komabe anavomera. Tinayamba ndi kona yakumaso, ya kudzanja lamanja. Kuchokera pamene zingwe ziwiri zakumana, tinayeza mamita 3 pa chingwe chakumaso n'kuikapo chizindikiro ndi bolopeni. Kuchokera pamalo omwewo tinayeza mamita 4 pa chingwe cholowa kumbuyo n'kuikaponso chizindikiro. Kenako tinakoka tepi mopingasa, kuchoka pa chizindikiro choyamba kukafika pa chachiwiri. Kona ikakhala sikweya, ya madigiri 90, tepi imawerenga mamita 5 ndendende. Ikapitirira 5 ndiye kuti kona yakanula, ikaperewera ndiye kuti yapanikizika. Yathu inawerenga mamita 5 ndi masentimita 8.

Mnyamata wina anaseka, ati bwanawa akufuna tiyambirenso chifukwa cha kutalika kwa chala. Kunena zoona 8 amaoneka wochepa. Koma masentimita amenewo sakhala pomwepo. Pa muyeso wa 3 ndi 4, sentimita imodzi yopitirira pa mzere wopingasa uja imatanthauza kuti khoma likupatuka pafupifupi mamilimita 4 pa mita iliyonse. Masentimita 8 ndiye kuti likupatuka kuposa masentimita 3 pa mita, ndipo pofika kumapeto kwa mamita 9 lasochera ndi masentimita 30. Ndi kutalika kwa rula yathunthu kumeneko, nyumba yaima chopendekera ngati bokosi lomwe wina walikhalira. Pa sikweya ya m'manja ija, kulakwika komweku kumangooneka ngati mpata wa sentimita imodzi kunsonga kwake, ndipo chingwe ndi chinthu chofewa, ukangochikhudza ndi chitsulo chimagonja n'kutseka mpatawo. Amisiri sananame, anaona zomwe chida chawo chinawaonetsa.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Chingwe chakumaso sitinachikhudze chifukwa ndicho chikuyang'ana kumsewu. Mmodzi anagwira tepi pa chizindikiro cha mamita 3, ine ndikuwerenga pa chizindikiro cha mamita 4, amisiri akusuntha chingwe kumapeto kwake pang'onopang'ono kulowetsa mkati mpaka nambala 5 inagwera pa inki penipeni. Pomwepo anakhoma msomali watsopano pa thabwa. Titayeza pakati pa msomali wakale ndi watsopano, tinapeza masentimita 30 aja. Sanayankhule, anangopukusa mutu n'kuitanitsa hamala kuti tipite kona ina.

Tsono funso lomwe mnyamata woseka uja anandifunsa pa nthawi ya tiyi ndi lomwe landichititsa kulemba. Anati n'chifukwa chiyani 3, 4 ndi 5, osati 2, 3 ndi 4? Ndinamuyankha pojambula pa mchenga, poti mchenga kuno kwathu sitisowa.

Jambulani bwalo la mbali zinayi zofanana, makona ake onse asikweya, mbali iliyonse mapazi 7. Mukalidula timabokosi ta phazi limodzi limodzi mupeza timabokosi 49. Tsopano pa mbali iliyonse ikani kamwala pa mapazi 3 kuchoka pa kona, mozungulira njira imodzi, kuti mbali iliyonse igawike 3 ndi 4. Lumikizani timiyala tinayito ndi mizere. Mkati mwatuluka bwalo lina la mbali zinayi zofanana, loima chopendekeka, ndipo m'makona anayi aja mwatsala tizidutswa ta nsonga zitatu. Kachidutswa kalikonse kali ndi kona yasikweya, mbali ina 3, ina 4. Kachidutswa kotero ndi theka la bokosi la 3 kwa 4, lomwe lili ndi timabokosi 12, choncho kali ndi 6. Tonse tinayi ndi 24. Chotsani 24 pa 49, bwalo lamkati latsala ndi 25. Nanga bwalo la mbali zofanana lokhala ndi timabokosi 25, mbali yake ndi yotalika bwanji? Ndi 5, chifukwa 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25. Mbali imeneyo ndi mzere wopingasa uja umene tinakokapo tepi.

Kusukulu ankatilembetsa mwachidule chonchi: 3 × 3 + 4 × 4 = 5 × 5, kutanthauza 9 kuphatikiza 16 ndi 25. Yesani ndi 2, 3 ndi 4 muone: 4 kuphatikiza 9 ndi 13, pamene 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Sizikumana, ndiye kona yotuluka pamenepo ndi yokanula. Lamuloli limatchedwa ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wa pa chilumba cha Samos yemwe anakhala ndi moyo zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, ngakhale anthu a ku Babulo anali atalemba kale manambala otere pa mapale adothi zaka zoposa 1,000 iyeyo asanabadwe.

Koma pali mbali ina yomwe aphunzitsi anga ankaidumpha, ndipo ndi imene mmisiri amadalira. Zomwe tajambula pa mchengazi zikutiuza kuti kona ikakhala sikweya, mzere wopingasa ndi 5. Ife pa saiti timayenda chobwerera, timapeza 5 n'kunena kuti kona ndi sikweya. Tili ndi chilolezo chanji chotero? Tengani nsungwi zitatu, ya 3, ya 4 ndi ya 5, muzimange nsonga ndi nsonga. Yesani kuzikankha. Sizisuntha, ndipo ngakhale muzimasule n'kumanganso kakhumi, chotuluka ndi chomwechomwecho. Mbali zitatu zikadziwika, makona nawo adziwika, palibe mpata wosankha. Nsungwi zinayi sizitero, mukazimanga zimapendekera uku ndi uku ngati chitseko cha khola. N'chifukwa chake akalipentala amakhoma thabwa lopingasa pa chitseko ndi pa matirasi a denga. Ndiye poti tikudziwa kale kuti chidutswa cha kona yasikweya chili ndi 3, 4 ndi 5, china chilichonse chokhala ndi 3, 4 ndi 5 ndi mapasa ake.

Pamene ndimasiyana maganizo ndi amisiri ambiri ndi apa. Alipo odziwa lamuloli ndithu, koma amakonda masentimita 60, 80 ndi 100 chifukwa munthu amayeza yekha osayenda. Masamu ake ndi olondola, ndi 3, 4, 5 yemweyo wochulukitsa ndi 20. Pa felemu ya zenera kapena tebulo palibe vuto. Pa nyumba ayi. Mukalakwitsa sentimita imodzi pa 100 ameneyo, ndipo kulakwitsa sentimita pa chingwe chogwedezeka n'kosavuta, khoma la mamita 9 lisochera ndi masentimita pafupifupi 19. Sentimita yomweyo pa muyeso wa mamita 3, 4 ndi 5 isocheretsa khomalo ndi masentimita osakwana 4. Muyeso ukakula, kulakwitsa kwa dzanja kumachepa mphamvu. Malo akalola, pitani pa 6, 8 ndi 10. Mapazi kapena mamita zilibe kanthu, bola musasakanize, pakuti matepi ambiri ali ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina, ndipo ndaonapo munthu akuwerenga mbali yolakwika thukuta lili m'maso.

Muyesowu nawo umanama mukaugwira mwaulesi. Musayeze 5 ndi chingwe chomanga mfundo, makamaka cha nayiloni chosokera maukonde chomwe chili paliponse kuno, chimatamuka mukachikoka. Tepi ikoke bwino isagwe mimba pakati, ndipo tsiku la mwera dikirani mphepo ipume chifukwa tepi yopindika imawerenga zochuluka kuposa zenizeni. Zingwe zikhale pa levulo. Pamalo otsetsereka ngati kumapiri a ku Namwera, mukagoneka tepi pansi kutsata nthaka, mwayeza phiri osati pulani. Ndipo 3 ndi 4 ayambire pa kadontho kamodzi, pamene zingwe zadutsana, osati wina pa chikhomo wina pambali pake. Ngati kachitsulo ka kunsonga kwa tepi kanapindika, yambirani pa 10 ndipo musaiwale kumuchotsa powerenga.

Titamaliza makona, tinayeza nyumba yonse mopingasa, kona ina kukafika yoyang'anizana nayo, kenako mbali inayo. Pa 7 kwa 9, lamulo lomwe lija likupereka 49 kuphatikiza 81, yomwe ndi 130, ndipo nambala yoti ikachulukitsidwa ndi iyo yokha ipereke 130 ndi pafupifupi 11.40. Tepi inatipatsa mamita 11.40 uku, 11.41 uko. Zikanasiyidwa monga tinazipezera, mzere wina ukanakhala cha mu 11.59, wina 11.21. Ena amangodalira mizere iwiriyi, ati ikafanana basi zatheka. Chenjerani nazo. Nyumba yomwe kumaso ndi mamita 7 koma kumbuyo 6.8, yopanikizika mofanana mbali zonse ziwiri, nayonso mizere yake yopingasa imafanana. Kufananako kumakhala umboni pokhapokha mutatsimikiza kuti kumaso n'kofanana ndi kumbuyo, kumanja n'kofanana ndi kumanzere.

Kona yokhota simuiona pa njerwa. Imadzaonekera pofolera, malata akamatuluka kukhonde ngati mano a sowo, ndi poika matailosi, pamene mzere wa m'mbali mwa khoma umayamba ndi tailosi yathunthu n'kukathera pa kachidutswa ngati chala. Apo simusunthanso msomali, mumangodula ndi kubisa.

Madzulo ndikutsanzika, amisiri anandikokera pambali anyamata asakumva. "Achimwene, tepi yanu ya mamita 30 ija mundisiyireko, Lolemba tikuyeza chimbudzi ndi khitchini."