Amayi atakana mwamuna wanga, ndinapita kwa malume

Mtsikana wina wandilembera dzulo kuti makolo ake akukana mnyamata amene akufuna kukwatiwa naye, ndipo akuganiza zongotenga mimba kuti asowe chonena. Ndamuyankha kumbali, koma nkhaniyi yandikhala pamtima usiku wonse chifukwa ine ndinadutsamo. Ndiye ndati ndilembe pano.

Ine kwathu ndi ku Dowa, kufupi ndi Mponela, ndipo mwa ana asanu wamkazi ndine ndekha. Bambo a kunyumba kwanga kwawo ndi ku Rumphi. Tsiku limene ndinauza amayi, ndinawauza pa foni, madzulo, ali pakhonde ndi amayi aang'ono komanso anzawo awiri a kumvano. Atangomva dzina la Rumphi anati, "Zimenezo ayi, ine ndili moyo ayi." Pamenepo ndinalakwitsa. Munthu wamkulu akakana pamaso pa anzake, mawu aja sabweza msanga, chifukwa kubweza kumakhala ngati wagonja kwa mwana wake anthu akuona. Ndinawaika pamalo poti ayankhe nthawi yomweyo, asanaganize, ndipo yankho lija linawamanga miyezi isanu ndi iwiri.

Miyezi yonseyo ndinkangoti amayi ndi atsankho, sakonda Atumbuka. Amene ananditsegula maso ndi malume, mlongo wawo wa amayi. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani ya ukwati imayambira kwa iwowo, chifukwa ndi amene amadzakhala nkhoswe. Ndinapita ndekha Loweruka m'mawa, mwamuna uja ndinamusiya ku Lilongwe. Ndinanyamula shuga ndi sopo, ndinakhala pansi, ndipo ndinati, "Malume, ndabwera kudzakuuzani kuti ndapeza munthu ndipo mtima wanga wakhazikika pa iyeyo. Amayi akukana. Ndikupempha kuti muyende nane."

Taonani mawu amenewo. Sindinafunse ngati akundilola, chifukwa ukafunsa funso limene yankho lake sudzalitsatira, ndiye kuti ukunamiza akuluakulu, ndipo iwo amazindikira. Ndinanena zimene ndatsimikiza, kenako ndinapempha chinthu chimene chinali m'manja mwawo, chomwe ndi kundiimira.

Malume anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa, "Iwe Nabanda, ukudziwa chimene mayi wako akuopa?" Ndinalibe yankho. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Kwathu mwamuna amabwera chikamwini, ana amakhala a kuchikazi, munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Ku Rumphi amapereka malowolo, mkazi amapita kuchimuna ndipo ana amawerengedwa kwa bambo wawo. Amayi atamva Rumphi, anaona munda wa agogo ukusowa wolowa, mbumba yawo ikuthera pa ine. Chinanso, anali ndi msuweni wawo amene anakwatiwa kutali, mwamuna atamwalira anabwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi, ana ndi katundu zinatsala komweko. Amayi sankadana ndi munthu amene anali asanamuonepo. Ankaona mwana wawo akubwera ndi kachikwama kaja.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amalemba kuti moyo ndi wako, makolo asakuuze zochita. Moyo ndi wako ndithu, ndipo malamulo ali mbali yako. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu asakakamizidwe kulowa m'banja, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limalola aliyense wa zaka 18 kukwatira kapena kukwatiwa. Mutha kupita kwa DC ndi mboni zanu, ukwati n'kumangidwa popanda kholo kusaina. Koma kukana kwa kholo kumakhala ndi chinthu pansi pake, ndipo ngati sunachifukule, udzakangana ndi mawu apamwamba okhaokha mpaka kalekale.

Kukana kwina n'kofunika kukumvera. Makolo akati munthuyu ali ndi mkazi wina kwawo, kapena anamenyapo mkazi, kapena akukana kukuonetsa abale ake, imeneyo ndi nkhani ya khalidwe lake, ndipo itha kufufuzidwa. Tuma munthu akafunse kumudzi kwawo, usathamangire kukwiya. Koma akamati si wa mtundu wathu, si wa mpingo wathu, kwawo n'kutali, funsa kuti chimene chidzachitike n'chiyani kwenikweni chimene akuchiopa. Kawirikawiri ndi ana, munda, maliro, kapena manyazi kumpingo. Zimenezi zimakambika.

Ife tinazikamba chonchi. Malume anakaonana ndi amayi okha kawiri, ine kulibe. Ulendo wachitatu anandiitana, ndipo ndinanena pamaso pa amayi ndi bambo kuti munda wa agogo sindikuusiya, ndizilima chaka chilichonse ngakhale ndikukhala ku tauni. Akuchimuna atatumiza thenga wawo, malume ananena poyera kuti ife malowolo sitilandira, mwana wathu sitikumudula kwawo, ndipo ana adzadziwa kwa agogo awo onse awiri. Sizinali zophweka, chifukwa nawonso akuchimuna anaona ngati tikunyoza mwambo wawo, ndipo mwamuna wanga anali ndi ntchito yake yokamba ndi abambo ake aang'ono. Poloti imene tinagula tinalembetsa maina athu tonse awiri, ndipo pepala lake ndinakawaonetsa amayi. Ndinawauzanso kuti lamulo la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu m'dziko muno. Za lamulozo sanazisamale kwenikweni. Pepala lija ndi limene analigwira nthawi yaitali, ngakhale kuwerenga amavutika.

Tsono za mimba zija, mchemwali wanga, ndikukupempha usatero. Mimba imatseka pakamwa, koma mantha aja amakhala pomwepo, ndipo pamwamba pake pamabwera mkwiyo. Mwamuna wako amalowa m'mudzi ngati wopalamula, woyamba ndi kulipira chindapusa, osati ngati mkamwini wobwera ndi ankhoswe ake masana. Kungolowana mwakachetechete nakonso kuli ndi mtengo wake. Tsiku limene mudzakangane kwambiri, kapena mwana adzadwale, kapena pagwe maliro, funso loyamba limene aliyense adzafunse ndi lakuti ankhoswe ndani. Ukakhala ulibe, umasenza wekha, ndipo kubwerera kwanu kumavuta chifukwa ukudziwa mawu amene akukudikira pakhomo.

Sindikunena kuti njira ya malume imatheka nthawi zonse. Ena malume awo ndi amene amakana kwambiri. Zikatero yang'ana wina amene makolo ako amamumvera, kaya azakhali, agogo, kapena mkulu wa mpingo, ndipo iwe uikiretu nthawi imene udikire. Ine ndinauza malume kuti ndidikira mpaka tikolole, kupitirira apo tikalembetsa kwa DC ndipo ndidzawauza tsiku kuti asamve kwa anthu. Kudikira kopanda malire kumapha chibwenzi, ndipo kumanamiza makolo kuti mwina udzasintha maganizo.

Chinkhoswe chinachitika mu Ogasiti, pakhomo pa amayi. Tambala ndi msoti zinasinthanitsidwa, malume analandira udindo wawo pamaso pa anthu. Amayi sanavine tsiku limenelo, anaphika basi. Panatha zaka ziwiri asanalole kuti mkamwini wawo agwire khasu m'munda wa agogo uja. Mvula yathayi ndi iwo amene anaimba foni kufunsa ngati bambo a mwana abwera kudzathandiza kubandira.