Chakudya si mankhwala, lekani kunama pa malebulo

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka ndinapita kukaona azakhali anga amene akhala akudwala matenda a shuga kwa zaka zambiri. Ndinawapeza ali khale pakhonde, botolo la juwisi wa malambe pambali, akumwa mosangalala ngati apeza chipulumutso. Ndimvekere, "Azakhali, chimenechi n'chiyani?" Iwo amvekere, "Mwanawe, uwu ndi wabwino, ulibe shuga, ndipo alemba okha kuti umachiza matenda angawa." Nditafunsa za mapilisi a kuchipatala, anangoyang'ana kumbali. Ayamba kudumphitsa masiku, poti botolo lawalonjeza kuchira.

Ndinalitenga botololo n'kuliwerenga. Kutsogolo, ndi zilembo zikuluzikulu zobiriwira, panali mawu atatu: wopanda shuga, amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, amachiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kumbuyo, m'tizilembo toti munthu wamkulu sangaone popanda magalasi, analemba kuti muli madzi, ufa wa malambe ndi uchi, ndipo shuga ndi magalamu 11 pa mamililita 100 alionse. Botolo lomwelo likunena zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo wina akudya ndalama pa bodza limenelo.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'choti masiku omwewa ndakhala ndikuthandiza mwana wa achemwali anga kukonzekera mayeso a malamulo a malebulo a zakudya kukoleji. Mafunso ake amakhala otere ndithu: amakupatsa lebulo, amakupatsa manambala, n'kukufunsa kuti mwa mawu ali apawa ololedwa ndi ati, oletsedwa ndi ati, ndipo chifukwa chiyani. Mwana akayankha kuti mawu atatu a pa botolo lija ndi ololedwa, amalephera basi, palibe kukambirana. Ndiye zikutheka bwanji kuti chinthu cholepheretsa mwana mayeso chikhale pa shelefu m'sitolo n'kumagulitsidwa kwa azakhali anga?

Tiyeni tiliyankhe botololi ngati funso la mayeso, muone nokha.

Mawu oti wopanda shuga ali ndi nambala kumbuyo kwake. Munthu samangowalemba poti iye sanatapemo shuga wa m'paketi. Malangizo a 1997 okhudza zonena za zakudya ndi thanzi a Codex Alimentarius, miyezo ya zakudya ya padziko lonse imene mayiko ambiri amatengerako malamulo awo, amati chakudya kapena chakumwa chingatchedwe chopanda shuga ngati shuga wake sapitirira magalamu 0.5 pa magalamu 100 kapena pa mamililita 100. Theka la galamu basi. Botolo lija lili ndi magalamu 11, kutanthauza kuti lapitirira malirewo ka 22. Ndipo botololo ndi la mamililita 500, choncho amene walimaliza wamwa magalamu 55 a shuga, omwe ndi timasipuni ta tiyi pafupifupi 14. Taganizani munthu wodwala shuga akuthira timasipuni 14 m'kapu n'kumamwa! Bungwe la WHO limati shuga wothira, wa mu uchi ndi wa m'juwisi asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, omwe ndi magalamu pafupifupi 50 kwa munthu wamkulu. Botolo limodzi lapitirira kale pamenepo, kwa munthu wabwinobwino, osanena wodwala.

Ndikudziwa chimene wopanga juwisiyo anganene. Anena kuti ankatanthauza kuti sanathiremo shuga. Ayi, apanso wagwa. Kunena kuti simunathiremo shuga ndi nkhani ina yokhala ndi malamulo akeake, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amakodwa pa mayeso. Chakumwa chosathira shuga chikhoza kukhala ndi shuga wambiri wa m'zipatso momwemo, n'chifukwa chake ku Ulaya lamulo la 2006, lotchedwa 1924/2006, limafuna kuti pa lebulo lotero alembenso kuti muli shuga wachilengedwe. Koma kuti mawuwo aloledwe n'komwe, musakhale shuga wothira wamtundu uliwonse, ndipo Codex imatchula uchi mwachindunji pa mndandanda wa shuga wothirayo. Uchi ndi shuga. Kaya wachokera m'ming'oma ya kumudzi, kaya ndi wachilengedwe chotani, ukalowa m'magazi a azakhali anga umakweza shuga. Wathira uchi, wathira shuga, usatinamize.

Mawu achiwiri aja, oti amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, ndi okhawo amene akanatha kupulumuka akanalembedwa mwaulemu. Malambe alidi ndi vitamini C, zimenezo sindikana. Ndipo malamulo amalola kunena ntchito imene chomanga thupi china chake chimagwira m'thupi. Ku Ulaya, pa mndandanda wa mawu ovomerezeka umene unatuluka mu 2012, muli chiganizo choti vitamini C amathandiza kuti chitetezo cha m'thupi chizigwira ntchito yake mwa nthawi zonse. Muone kusiyana kwake. Akutchulidwa ndi vitamini C, osati botolo lonse. Ntchito yake ndi kuthandiza thupi kuchita zomwe limachita kale, osati kulisandutsa linga loti matenda sangalowe. Ndipo uyenera kuonetsa kuti vitaminiyo alimodi wokwanira. Pa muyezo wa Codex wa mamiligalamu 100 pa tsiku, chakumwa chiyenera kukhala ndi mamiligalamu osachepera 7.5 pa mamililita 100 kuti unene kuti muli vitamini C, ndipo kuwirikiza kawiri, mamiligalamu 15, kuti unene kuti alimo wochuluka. Nambalayo iyenera kulembedwa pa lebulo. Pa botolo la azakhali panalibe nambala ya vitamini C ngakhale imodzi. Ndipo vitamini ameneyu sachedwa kuwonongeka ndi kutentha, ndiye juwisi amene amuwiritsa kenaka n'kukhala padzuwa pa benchi ya golosale mlungu wathunthu, ndani akudziwa chatsalamo? Sanayeze, sanalembe, angolonjeza.

Koma mawu achitatuwo ndi amene andisowetsa tulo. Amachiza. Apa palibe nambala yoti ufikire, palibe njira yolembera bwino, palibe kuchonderera. Chakudya sichiloledwa kunena kuti chimapewetsa, chimachepetsa ululu, kapena chimachiza matenda. Malangizo a Codex a 1979 anaika zimenezi pa mndandanda wa zonena zoletsedwa kalekale, ambiri mwa ogulitsawa asanabadwe. Pamene malamulo amafika patali kwambiri ndi pa nkhani yochepetsa chiopsezo cha matenda, ndipo apo pamafunika umboni wa sayansi ndi chilolezo cha boma, komanso chiganizocho chimakhala ndi mbali ziwiri. Mwachitsanzo, ku Ulaya amalola kunena kuti masiterolo, tinthu tina topezeka m'mafuta a zomera, amatsitsa kolesiterolo m'magazi, ndipo kolesiterolo wochuluka ndi chimodzi mwa zinthu zoika munthu pa chiopsezo cha matenda a mtima. Sananene kuti majarini wothiridwa masiterolowo amachiza mtima. Sangayerekeze. Ngati makampani akuluakulu okhala ndi malabu ndi maloya saloledwa kulemba kuti amachiza, iwe wa ndowa ndi sefa kuseri kwa nyumba wachitenga kuti chilolezocho?

Ukangolemba kuti chinthu chako chimachiza shuga, wasiya kugulitsa chakumwa, ukugulitsa mankhwala. Mankhwala ali ndi khomo lawo, kuno kwathu ndi ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ndipo kumeneko amafuna umboni. Sungadye uku ndi uku, kugulitsa ngati juwisi kuti uthawe mafunso a mankhwala, kenaka n'kulonjeza ngati mankhwala kuti ukweze mtengo. Chakudya ndi chakudya. Chimadyetsa, chimapatsa mphamvu, chimamanga thupi, chikasankhidwa bwino chimathandiza wodwala kusunga shuga wake pabwino. Koma sichilowa m'malo mwa mapilisi amene dokotala walemba, ndipo lebulo lililonse lopangitsa munthu kuganiza choncho ndi lebulo lakupha. Inde, ndanena lakupha. Munthu wa shuga akasiya mankhwala n'kumamwa uchi wosungunula, impso, maso ndi mapazi ndi zimene zimalipira, ndipo zimalipira mwakachetechete.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena anena kuti ndikulimbana ndi amalonda ang'onoang'ono amene akungofuna kudyetsa ana awo. Kaya ndi umbuli, kaya ndi umphawi, kaya ndi kuchepa kwa oyendera m'masitolo, zimenezo sizitsitsa shuga wa azakhali anga. Ine ndimakonda juwisi wa malambe, ndimagula, ndipo ndimafuna kuti opanga zakwathu apite patsogolo. Gulitsani malambe ngati malambe. Lembani kuti muli uchi, lembani magalamu ake poonekera, kayezetseni vitamini C wanuyo mulembe nambala yoona. Zimenezo n'zololedwa ndipo anthu agulabe. Malawi Bureau of Standards ilipo, muyezo wa malebulo a zakudya zopakidwa, MS 19, ulipo, pitani mukafunse musanasindikize. Koma mawu oti amachiza achotseni, chifukwa si anu.

Ndipo si botolo lokhali. Yendani m'misika muone ufa wa chammwamba, tiyi wa masamba, phala la ana, zonse zalembedwa kuti zimachotsa poizoni m'thupi, zimatsuka magazi, zimathetsa matenda khumi ndi awiri. Poizoni wake uti? Wayezedwa kuti? Mawu amene sungathe kuwatsimikizira ndi umboni nawonso ndi oletsedwa pa malangizo omwe aja a 1979. Mwana wa achemwali anga amaloweza zonsezi usiku ndi tochi magetsi atazima, kuti mafuta ochepa ndi magalamu osapitirira 3 pa magalamu 100 a chakudya cholimba, kuti ukati wachepetsa mafuta kapena shuga kusiyana kwake kufike 25 pa 100 alionse ndipo utchule chimene ukuyerekeza nacho. Iye akaphonya nambala imodzi amuchotsera malikisi. Wogulitsa akaphonya zonse amuwonjezera makasitomala. Zimenezi zikundiwawa, ndipo ziyenera kukuwawani nanunso amene muli ndi kholo lodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi kunyumba.

Mukapita kwa makolo anu, tembenuzani mabotolo ndi mapaketi amene akudya, muwerenge kumbuyo. Onani mndandanda wa zimene zathiridwamo, chifukwa umayamba ndi chochuluka kwambiri n'kumatsika. Onani shuga pa 100, muchulukitse ndi kukula kwa botolo, kenaka mugawe ndi 100. Mukaona mawu oti amachiza, musagule.

Ndipo poti ndayamba kale kulankhula, inu eni masitolo amene mumamata kapepala ka mtengo pamwamba penipeni pa deti lothera ntchito, mumaganiza kuti sitiona? Pa botolo lonse malo ali mbwee, koma kapepala kanu kamangopeza pomwe pali deti. Ndinachita kukanda ndi chikhadabo kuti ndione la azakhali, ndipo linali litatha mwezi wathawu.