Malamulo a tchuthi muziyamba mwawayesa pa mlonda

Ndili ndi maganizo pa nkhani ya zikalata za malamulo a pantchito, zija amatipatsa kuti tisayine tsiku loyamba tisanadziwe n'komwe kumene kuli chimbudzi. Ambiri amene amalemba zikalata zimenezi amaganiza kuti kuchiyesa chikalata ndi kuchiwerenga kawiri, kukonza zilembo zolakwika, kenako kupita nacho kwa bwana wamkulu. Ine ndikuti kumeneko si kuyesa. Munthu amene walemba chiganizo sangaone pamene chikusokoneza, chifukwa akamawerenga amamva zimene ankafuna kunena, osati zimene zili papepalapo.

Kuntchito kwathu, kumene sindikutchula dzina, ndinaikidwa m'kagulu koona chikalata chatsopano cha tchuthi chisanayambe kugwira ntchito. Tinachiwerenga anthu anayi m'chipinda chimodzi ndipo tonse tinagwedeza mutu kuti chili bwino. Chinali cholembedwa mwaukhondo, ndime zake zili ndi manambala. Mayi wina wa ku akaunti ndi amene anatidzutsa. Anati, "Inu, mwawerenga, koma ndikakufunsani tsiku limene ndibwerere kuntchito mundiuza?"

Ndiye tinachita chonchi. Tinalemba funso limodzi pa timapepala: munthu wayamba tchuthi chake chonse cha pachaka Lolemba pa 1 Disembala, abwerera liti? Tinapereka kwa anthu atatu, aliyense payekha, ndi chikalata chija m'manja, osaloledwa kufunsana. Mmodzi anali woyang'anira madalaivala, wina mlembi wa malipiro, wachitatu mkulu wa alonda.

Ndime ya chikalatayo inkangoti wogwira ntchito aliyense ali ndi masiku 15 a tchuthi pachaka. Woyang'anira madalaivala anawerenga masiku onse a pakalendala, kuyambira pa 1 mpaka pa 15, n'kulemba kuti munthuyo abwere Lachiwiri pa 16. Mlembi wa malipiro anachotsa Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa iye sagwira masiku amenewo, n'kupeza Lolemba pa 22. Mkulu wa alonda anachotsa Lamlungu lokha, poti anthu ake amagwira masiku 6 pamlungu, n'kupeza Lachinayi pa 18. Anthu atatu, ndime imodzi, mayankho atatu, ndipo palibe amene tikanamunena kuti sadziwa kuwerenga.

Taganizani zimene zikanachitika chikalatacho chikanadutsa. Dalaivala wauzidwa ndi mnzake wa mu ofesi kuti abwere pa 22, pamene womuyang'anira akumudikira pa 16. Ndime ina m'chikalata cha chilango imati kujomba masiku angapo otsatizana popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Munthu akubwera kuchokera kumudzi ndi thumba la ufa, akupeza kalata yomuitanira ku bwalo la chilango, chonsecho sanalakwe chilichonse.

Yankho la mkulu wa alonda ndi limene linatiululira chinthu chachikulu. Lamulo la ntchito la dziko lino, lija la chaka cha 2000, limati wogwira masiku 5 pamlungu apatsidwe masiku ogwira ntchito osachepera 15, ndipo wogwira masiku 6 apatsidwe osachepera 18. Mukawerengera bwino, onse awiri akupuma milungu itatu yathunthu. Mlonda wa masiku 18 woyamba pa 1 Disembala amathera Loweruka pa 20, n'kubwerera Lolemba pa 22, tsiku lomwelo ndi wa mu ofesi. Chikalata chathu, polemba kuti "aliyense masiku 15", chinali kulanda mlonda masiku atatu amene lamulo linamupatsa kale. Wolembayo sanali wankhanza ayi. Iye amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo polemba ankaona anthu onga iye. Malamulo a pakampani akhoza kupereka zoposa zimene lamulo la dziko likunena, koma sangapereke zochepera, ngakhale wantchito atasayina. Nkhani yotere ikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la milandu ya pantchito, siginecha ija sikupulumutsani.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi mlonda. Chikalata chimang'ambika pa munthu amene wolemba sanamuganizire: wa mashifiti a usiku, wolowa ntchito pakati pa chaka, wa kontirakiti ya miyezi 6, dalaivala amene tchuthi chimamupeza ali pa ulendo. Wa mu ofesi amene wagwira zaka khumi, Lolemba mpaka Lachisanu, ndime iliyonse imamukwana ngati malaya osokedwa pa thupi lake.

Titaona kuti njirayi ikugwira, tinalemba timapepala tina. Kamene kanatulutsa kutsutsana kanali aka: munthu wapempha tchuthi mu Novembala, womuyang'anira wakana chifukwa ntchito yachuluka, chaka chatha, masiku ake ali kuti? Ndime 4 inkati masiku osagwiritsidwa ntchito pofika pa 31 Disembala amatha. Ndime 9, masamba awiri kutsogolo, inkati woyang'anira ali ndi mphamvu yoimitsa tchuthi pa nyengo yotanganidwa, ndipo kwathu nyengo imeneyo ndi Okutobala mpaka Disembala. Ndime iliyonse payokha ndi yomveka. Mukaziphatikiza, kampani ikukaniza munthu tchuthi kenako n'kumulanga chifukwa sanachitenge. Kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi simungazione zimenezi, chifukwa mukamafika pa ndime 9 ya 4 ija mwaiwala. Zimaoneka pokhapokha munthu mmodzi akayendetsedwa m'ndime zonse ziwiri. Tinakonza polemba kuti masiku amene akanidwa ndi woyang'anira asamukira ku chaka chotsatira, atengedwe pasanafike pa 31 Malichi, ndipo kukanako kulembedwe papepala.

Pamene tinakangana kwambiri ndi pa maliro, ndipo apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Chikalata chinkapereka masiku atatu munthu akaferedwa wachibale wapafupi. Chinalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene anachilemba ankatanthauza mwamuna kapena mkazi, ana, makolo. Tinafunsa anthu asanu kuti: wamwalira ndi malume, tchuthi chilipo? Atatu anati inde osaganiza kawiri. Ndipo akanakana bwanji? Kwa ambiri a ife malume ndi mwini mbumba. Ndi amene anakakhala nkhoswe pa ukwati wako, mwina ndi amene anakulipirira fizi. Mayi aang'ono amene anakulera mayi ako atamwalira sumawatchula ndi dzina lina, ndi amayi basi. Mwana wa achimwene amene akukhala m'nyumba mwako n'kumadya mbale imodzi ndi ana ako, ukauza bwana kuti "mwana wanga wamwalira" sukunama.

Wina m'kagulu kathu anati tikatsegula khomo limeneli anthu azipita ku maliro mlungu uliwonse. Nkhawa yake ndinaimva, maliro kwathu kuno sasowa. Koma kusiya mawu osamveka sikutseka khomo, kumangopereka kiyi kwa woyang'anira aliyense kuti azitsegulira amene wamukonda. Wa m'dipatimenti iyi apita kukaika malume ake ndi malipiro, wa m'dipatimenti inayo adulidwa masiku, ndipo mawa lake onse akukumana pa tiyi n'kuuzana. Chidani cha pantchito chimayambira pa zoterezi. Tinagwirizana kutchula achibale mmodzimmodzi, n'kuwonjezera mzere woti munthu amene anakulera kapena amene ukumulera, bola akhale wolembedwa kale mu failo yako. Ena sanakondwe kuti mndandandawo ndi waufupi. Koma tsopano munthu amadziwa poyambira asanalire. Tinafunsanso ngati masiku atatuwo akuphatikiza ulendo, poti wochokera ku Blantyre kukaika maliro ku Chitipa, masiku awiri amathera m'basi.

Mabowo, malo amene chikalata sichinena kanthu, amapezeka ndi funso lakuti "nanga zikapanda kutero?" Chathu chinkati pempho la tchuthi livomerezedwe ndi woyang'anira. Nanga woyang'anirayo akakhala kuti nayenso ali pa tchuthi? Nanga akangokhala chete, fomu ili m'dilowa milungu iwiri, munthu anyamuke kapena adikire? Nanga munthu akagonekedwa m'chipatala pakati pa tchuthi chake, masiku amenewo ndi a tchuthi kapena a matenda? Pa mafunso onsewa oyesa athu analemba kuti "sizinalembedwe", ndipo yankho limenelo ndi lamtengo wapatali. Muwauziretu kuti ndi lololedwa, apo ayi aziyankha za m'mutu mwawo kuti asaoneke osadziwa, bowo n'kubisika.

Kanthu kena kakang'ono: tinadula mzere pansi pa "akhoza" aliyense ndi "ayenera" aliyense. Pa tchuthi cha uchembere chikalata chinkati kampani ikhoza kupereka milungu 8. Lamulo la dziko silinasiye zimenezo m'manja mwa bwana. Mayi ali ndi ufulu wa milungu yosachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi m'zaka zitatu zilizonse. Liwu limodzilo likanapangitsa mayi woyembekezera kupita kukapempha mogwada chinthu chimene ndi chake kale.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mukatseka bowo lililonse chikalata chifika masamba 50 ndipo palibe adzachiwerenge. Pamenepo ndikuvomera theka. Sizonse zofunika ndime yake. Ife tinkafunsa zinthu ziwiri: kodi zimenezi zimachitika chaka chilichonse, ndipo zikasokonekera munthu ataya ndalama kapena ntchito? Zikakhala choncho, tilembe. Zosowa kwambiri tinazisiyira mzere umodzi wonena amene adzagamule ndi masiku amene ayenera kuyankha. Chikalata chathu chinakula ndi tsamba limodzi lokha, ndipo ndime zingapo zinafupika chifukwa mawu okometsera anachoka.

Chimene sindivomera ndi chizolowezi choyesa chikalata pa mabwana okhaokha. Iwo akasokonezeka amangoimba foni kwa amene analemba. Wotsuka m'maofesi alibe foni imeneyo, ali ndi pepala lokha, ndipo nthawi zambiri wachita kumasuliridwa ndi mnzake pa geti. Ngati antchito anu ambiri amalankhula Chichewa kapena Chitumbuka, mafunso aja afunsidwenso pa chikalata chomasuliridwacho, chifukwa kumasulira kumabala mabowo akenso.

Titakonza zonse tinabwereza mayeso ndi anthu ena atatu amene sanaone chikalata choyamba, funso lomwe lija la pa 1 Disembala. Awiri analemba pa 22. Wachitatu analemba pa 19, chifukwa anatenga tsiku lomaliza la tchuthi ngati tsiku lobwerera. Fomu yathu inali ndi bokosi lolembedwa kuti "mpaka", osanena ngati tsiku limenelo uli kunyumba kapena uli pantchito. Tinaligawa pawiri: tsiku lomaliza kupuma, ndi tsiku lofika kuntchito.