Bajeti si ndalama: kumene ngongole za boma zimabadwira

Funsani aliyense wa ku Ntcheu kapena ku Dedza kuno amene anaperekapo nyemba, matayala kapena mapepala ku ofesi ya boma. Yankho limene analimva mpaka kutopa nalo ndi lakuti fandingi sinabwere. Ambiri akamva zimenezi amati akunamizidwa, poti anamva okha pa wailesi aphungu akuvomereza bajeti. Maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri wa maakaunti uja amakhala akunena zoona, komabe kuchedwa kwa ndalama pakokha sikumene kumabala ngongole. Ngongole imabadwa tsiku limene ofesi yaitanitsa katundu isakudziwa kuti mwezi umenewo ilandira zingati.

Bajeti imene Nyumba ya Malamulo imavomereza ndi chilolezo chabe. Imati ofesi yakutiyakuti ikhoza kugwiritsa ntchito ndalama zosaposa mwakuti kuyambira pa 1 Epulo kufika pa 31 Malichi. Ndalama zenizenizo panthawiyo zimakhala zikadali m'matumba mwa anthu ndi makampani, ndipo zimalowa pang'onopang'ono MRA ikamatolera, n'kukaikidwa mu Akaunti Nambala Wani ku banki yaikulu ya Reserve.

Kalowedwe kake kali ndi masiku ake. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Wa VAT umafika pofika pa 25. Makampani amapereka msonkho wa pa phindu lawo kamodzi pa miyezi itatu, choncho pali miyezi yonona ndi miyezi yowonda. Msonkho wa m'zipata, monga cha Dedza, umadalira kuti amalonda apeza ndalama zakunja zoitanitsira katundu, ndipo madola akasowa, magalimoto olowa amachepa, msonkho n'kuchepanso. Ndiye onani: masiku khumi oyambirira a mwezi m'thumba mumalowa zochepa, pamene odwala ayamba kudya pa 1 pomwepo ndipo ambulansi siidikira pa 25.

Ndalama zikalowa, zili ndi mzere. Patsogolo pali chiwongoladzanja ndi ngongole zimene boma linabwereka, chifukwa likaphonya kamodzi kokha, mawa palibe wolibwereketsa. Kenako malipiro a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali, limodzi ndi penshoni. Zotsalazo ndiye zimagawidwa ku ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene m'maofesi amazitcha ORT, ndi ku ntchito zachitukuko. Za makhonsolo zimadzeranso ku komiti yoona zachuma cha makhonsolo, NLGFC, zisanafike ku boma kuno. Msonkho ukapereweza pang'ono pokha, amene ali kutsogolo kwa mzere samva kanthu. Kupereweza konseko kumagwera amene ali kumchira, n'chifukwa chake kuchepa kwakung'ono ku MRA kumasanduka dzenje lalikulu pa ORT.

Tiyeni tichite masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, si a chipatala chenicheni. Tinene kuti chipatala china cha boma chili ndi K100 miliyoni pa mwezi mu bajeti yake ya ORT. Pa ndalamazi, K85 miliyoni ndi za zinthu zosadikira: chakudya cha odwala K25 miliyoni, mafuta a maambulansi ndi jenereta K20 miliyoni, madzi ndi magetsi K20 miliyoni, kukonzetsa magalimoto K10 miliyoni, alonda ndi osamalira ukhondo K10 miliyoni. K15 miliyoni yotsalayo ndi ya zinthu zimene zikhoza kukankhidwira kutsogolo, monga misonkhano ndi maulendo okayendera zipatala zing'onozing'ono.

Mu Epulo kwabwera K70 miliyoni, ndipo yafika pa 28. Kumbukirani kuti pofika tsikuli odwala adya kale masiku 27, mafuta atengedwa kale pa ngongole. Akuluakulu a chipatala aimitsa misonkhano yonse, komabe agwiritsa ntchito katundu wa K85 miliyoni. Ngongole ndi K15 miliyoni. Mu Meyi kwabwera K60 miliyoni, ngongole yaonjezereka ndi K25 miliyoni, yonse pamodzi K40 miliyoni. Mu Juni kwabwera K100 miliyoni yathunthu, ndipo ku Lilongwe kwalembedwa kuti chipatalachi chalandira zonse. Koma K85 miliyoni ndi ya zofunika za Juni yemweyo. Ngakhale K15 miliyoni yotsalayo ipite yonse ku ngongole, K25 miliyoni ikadalipo, ndipo zipatala za kumidzi zatha miyezi itatu osayenderedwa.

Apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Ngati K70 miliyoni imene inapereweza pa bajeti mu Epulo ndi Meyi pamodzi ingochedwa, n'kudzabwera mu Julayi pamene makampani apereka msonkho wawo, vutolo ndi la nthawi chabe. Boma lili ndi njira zolumphira kampata kotere: limagulitsa mapepala a ngongole a masiku 91, 182 kapena 364, kapena kubwereka kwakanthawi ku banki yaikulu mosapyola malire a lamulo, msonkho ukalowa n'kubweza. Koma ngati ndalamazo sizidzabwera n'komwe chifukwa bajeti inalembedwa mongoyembekezera zokoma, kumeneko si kuchedwa. Ndi kusowa. Mankhwala ake ndi kudula bajeti poyera ndi kuuza maofesi msanga. Chimene chimandipweteka n'chakuti kusowa timakuveka dzina la kuchedwa, ofesi n'kumapitiriza kuitanitsa katundu poganiza kuti mwezi wamawa zikonzeka.

Ndiyeno amene alipidwe ndani K60 miliyoni ija ikafika? Amayamba ndi amene angatseke mpopi. Kumene anaika mamita olipiriratu, magetsi ndi madzi amadumpha mzere okha. Wa pa filing'i sitesheni akanena kuti osathiranso mpaka alipidwe, amalipidwa mawa lake. Amene amatsala ndi mayi wa nyemba amene anakapikula pa Lizulu, ndi makaniko wa galaja yaing'ono, anthu amene alibe chowopsezera. Boma limakhala labwereka kwa iwo popanda kuwapempha, popanda chiwongoladzanja, popandanso tsiku lobwezera.

Mayi ujayo tinene kuti anapereka nyemba za K10 miliyoni, akuyembekeza phindu la K1.5 miliyoni, ndipo K8.5 miliyoni yopikulira anabwereka ku banki pa 30 peresenti pa chaka. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiwongoladzanja chadya pafupifupi K1.3 miliyoni. Mwezi wachisanu ndi chiwiri phindu latheratu. Ngati anabwereka katapila, zinatha kalekale. Wa matayala nkhani yake ndi yowawa kuposa apa: amene anapereka katundu mu Seputembala 2023 n'kudzalipidwa chaka chotsatira anapeza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo ndalama zimene analandira sizikanagulanso matayala omwe aja. Ulendo wotsatira anthu amenewa amaika mtengo wokwera kuti adziteteze, kapena amasiya kuchita malonda ndi boma, n'kutsala ochepa amene ali ndi mphamvu zodikira. Bajeti yomwe ija imayamba kugula nyemba zochepa. Ndipo sapulaya wosalipidwa nayenso amachedwa kukapereka misonkho yake ku MRA, ndiye kuti kuchedwa kwabala kuchedwa kwina.

Ena adzati, nanga IFMIS, makina a kompyuta oyendetsera chuma cha boma, ntchito yake n'chiyani? Makina amenewa anapangidwa kuti asalole kutulutsa LPO, chikalata choitanitsira katundu, ngati pa mzere wa bajetiwo palibe ndalama. LPO ikatuluka, ndalamazo zimatsekeredwa mwini wake ngakhale katundu asanafike. Njira yoyenera ndi imeneyi: LPO itsogole, katundu afike, wa kusitolo awerenge ndi kusaina, invoisi ilandiridwe, vocha ikonzedwe, malipiro atuluke. Vuto ndi lakuti makina akakana, odwala sasiya kumva njala. Ndiye munthu amaimba foni, kapena kulemba kakalata pamanja, kuti bweretsani kaye, mapepala tikonza fandingi ikabwera. Invoisi imeneyo imakagona m'dirowa. Ku likulu la zachuma sakuidziwa, m'malipoti mulibe, ndipo imadzatulukira patapita zaka, ofesi ya mkulu wofufuza za chuma cha boma ikamawerenga ngongole kuti ione zenizeni ndi zabodza. Boma lathu lafikapo polipira ngongole zotere ndi mapepala olonjeza kudzalipira mtsogolo, amene eni ake ambiri amakawagulitsa ku mabanki pamtengo wotsika chifukwa sangadikirenso.

Pa 31 Malichi chilolezo cha chaka chimenecho chimatha. Ngongole siitha nawo. K25 miliyoni ija imalowa m'chaka chatsopano, mmene mulibe mzere wake, n'kudya ndalama za Epulo, Epulo n'kusiyira Meyi ngongole yake.

Sindikunena kuti wogwira ntchito ku chipatala alole odwala kugona ndi njala kuti mabuku aoneke bwino. Amene ndikumuloza chala kwambiri ndi wogawa ndalama ku Lilongwe. Chinthu chotchipa kwambiri chimene angachite ndi kuuza ofesi iliyonse, miyezi itatu isanayambe, ndalama zimene idzalandiredi, n'kusunga mawuwo. Chipatala chija chikanauzidwa mu Malichi kuti chidzalandira K75 miliyoni mwezi uliwonse mpaka Juni, pa 10 paliponse, bwenzi chitachepetsa maulendo, kukambirana ndi masapulaya ndi kudandaula nthawi ikadalipo. K75 miliyoni katatu ndi K225 miliyoni, yochepa kuposa K230 miliyoni imene inabwera mwa apo ndi apo ija, koma ndi ndalama imene munthu angaikonzere dongosolo. Kuti zimenezi zitheke, ku likulu ayenera kulosera sabata ndi sabata zolowa ndi zotuluka, komanso kuona ndalama zonse za boma pamalo amodzi. N'zopweteka mutu kuti boma lizibwereka kwa mabanki pa chiwongoladzanja chokwera pamene ndalama zake zina zangokhala m'maakaunti a mapulojekiti m'mabanki omwewo.

Makhansala athu ndi makomiti a zachuma ku khonsolo asamakhutire ndi funso lakuti talandira zingati. Apemphe mndandanda wa mainvoisi onse osalipidwa, a m'makina ndi a m'dirowa omwe, pali dzina, ndalama ndi tsiku lolandirira, atagawidwa kuti awa apyola masiku 30, awa 60, awa 90. Ngati mulu wa masiku 90 ukukula ngakhale m'miyezi imene fandingi yabwera yathunthu, dziwani kuti vuto silinso kuchedwa. Ngati invoisi ya sabata yatha yalipidwa pamene ya chaka chatha ikadali pansi, afunse chifukwa chake, poti mzere wosaoneka ndi pamene ziphuphu zimalowera.

Kwa inu amene mumapereka katundu, musanakweze thumba ngakhale limodzi pa galimoto, onani LPO yotuluka m'makina, yokhala ndi nambala. Katundu akafika, wolandira asaine ndi kulemba tsiku, ndipo kope la invoisi yanu lidindidwe chidindo cha tsiku limene aliilandira. Mapepala atatu amenewa sangafulumizitse fandingi, koma tsiku lowerenga ngongole likadzafika, amene anangomvera mawu a pafoni adzasowa chosonyeza.