Mukalemba nkhani yoti ikukopereni makasitomala, yankhani funso limodzi basi

Zandikwiyitsa lero. Ndawerenga nkhani ya katswiri wina woika magetsi a sola, munthu woti ntchito yake amaidziwadi, koma zimene walemba n'zomvetsa chisoni. Mutu wake akuti kufunika kwa mphamvu ya dzuwa. Ndime yoyamba akutiuza kuti dzuwa ndi mphatso. Yachiwiri akuti kampani yake ndi yodalirika, yachitatu akuti makasitomala ake amakhutira, kenako nambala ya foni. Nkhani yonse yatha popanda chinthu n'chimodzi chomwe chimene munthu angachite akafika pakhomo pake. Ndiye mawa adzadandaula kuti kulemba sikupindulitsa, anthu sawerenga. Awerenge chiyani, abale?

Munthu amene angadzakhale kasitomala wanu sakufuna kudziwa kuti ndinu ndani. Ali ndi vuto, likumusowetsa tulo, ndipo akufuna wina amuuze chimene chalakwika. Nkhani yaifupi ili ndi ntchito imodzi yokha, kutenga funso limodzi limene makasitomala amakufunsani kawirikawiri n'kuliyankha mpaka pamapeto. Limodzi! Ukatswiri umaoneka m'yankholo, simuchita kuulengeza. Aliyense angathe kulemba kuti ndi wodalirika, ngakhale amene anayamba ntchito dzulo, koma yankho lokhala ndi manambala olondola angalilembe ndi yekhayo amene anagwirapo waya.

Tiyeni titenge wa sola yemweyu. Funso limene anthu a ntchito yake amalimva mosalekeza ndi lakuti, n'chifukwa chiyani batire langa likumatha usiku usanafike pakati pomwe ndinaligula chaka chatha chomwechi? Mutu wa nkhani ndi umenewo, m'mawu omwewo amene kasitomala amawanena pafoni. Musaukongoletse. Munthu amene magetsi ake anathima dzulo ali pakati poonera kanema akauona mutu umenewo aima, chifukwa wadziona yekha. Mutu wa kufunika kwa mphamvu ya dzuwa suimitsa aliyense, poti palibe amene anadzuka m'mawa akudzifunsa zimenezo.

Kenako yankho libwere m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Osayamba ndi moni wautali, osayamba ndi mbiri ya kampani. Nenani kuti kawirikawiri batire limatha msanga chifukwa mukutulutsa magetsi ambiri kuposa amene panelo likulowetsa masana, ndiye silidzaza n'komwe. Atolankhani amalemba motero kuyambira kale, chachikulu pamwamba, zofotokozera pambuyo. Mu 1997 Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito masamba a pa intaneti, anafalitsa zotsatira za kafukufuku zosonyeza kuti anthu 79 pa 100 alionse amene anawayesa ankangoyendetsa maso pa zolembedwa za pakompyuta, osawerenga liwu ndi liwu. Ndiye inu mukabisa yankho m'ndime yachisanu mukulibisira ndani?

Pakati pa nkhani ndi pamene pali nyama yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amathawa. Apa pafunika chitsanzo chimodzi chowerengeredwa mpaka kumapeto. Wa solayo akanalemba chonchi. Batire lolembedwa 12V ndi 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1200Wh, kungochulukitsa manambala awiriwo. Koma ngati ndi la mtovu ndi asidi, simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye yanu yeniyeni ndi 600Wh. Tsopano werengani za m'nyumba. Wailesi ya kanema ya 60W ikayaka maola asanu yadya 300Wh. Mababu asanu a 10W lililonse akayaka maola asanu ndi limodzi adyanso 300Wh. Zakwana kale 600Wh, ndipo inveta, kachipangizo kosintha magetsi a batire kuti akhale ngati a m'nyumba, nayo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo posintha magetsiwo, ndiye batire likupereka cha m'ma 670Wh usiku uliwonse. Nanga panelo? Panelo la 100W pa tsiku la dzuwa labwino limalowetsa cha m'ma 400Wh mukachotsa zotayika. Mukutulutsa 670, mukulowetsa 400. Batire loterolo likutsika tsiku ndi tsiku, ndipo batire la mtovu likamakhala losadzaza nthawi yaitali limawonongeka m'kati, silisunganso moto ngati kale.

Ndime imodzi yokhayo, taonani ntchito imene yagwira. Wowerenga watenga pepala, wayang'ana kumbuyo kwa kanema wake, wawerengera zake. Wolembayo sananene paliponse kuti ndi katswiri, koma amene wawerengayo wadziwa kale kuti munthu uyu zinthu zake amazidziwa. Izi ndi zimene ndikunena. Onetsani ntchito, musaitchule dzina chabe.

Pambuyo pa chitsanzo mupatseni chinthu chimodzi choti ayese yekha. Wa solayo anene kuti madzulo, chotsani panelo ndi zonse zolumikizidwa ku batire, lisiyeni lipume maola angapo, kenako liyezeni ndi mita yoyezera mavoti. Likasonyeza cha m'ma 12.6 kapena 12.7, ladzaza. Likasonyeza cha m'ma 12.1 kapena 12.2, lili pa theka, kutanthauza kuti dzuwa la tsiku lonse silinalidzaze. Ndipo anene chifukwa chake liyenera kupuma kaye, kuti batire limene langochoka kumene pa panelo limasonyeza nambala yokwera yonamiza. Kachenjezo kakang'ono ngati kameneko ndi kamene kamasiyanitsa wodziwa ndi wongomva, chifukwa wongomva sadziwa pamene anthu amaphonya.

Ndiyeno nenani malire moona mtima. Manambala awa ndi a batire la mtovu, la lithiyamu limalola kutsika kwambiri ndipo siliyezedwa motere. Batire likamadzaza bwinobwino koma n'kutha pasanathe ola, vuto silili pa panelo, mwina batirelo lafa kale, ndipo pamenepo pafunika munthu wa zida abwere adzaliyese. Apa ndiye pamene dzina lanu limalowa, chiganizo chimodzi kapena ziwiri: ngati mwayeza ndipo manambala sakugwirizana ndi zimene ndafotokozazi, nditumizireni zimene zalembedwa pa batire, pa panelo ndi mndandanda wa zimene mumayatsa, ndikuwerengerani. Chopempha chimodzi, njira imodzi yokupezerani. Osati imbani, bwerani, gulani, uzani anzanu, zonse pamodzi.

Nkhani yonseyi imakwana m'mawu 400 mpaka 600, yowerenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Ikapitirira pamenepo, kawirikawiri ndiye kuti mwalowetsa funso lachiwiri. Ndipo ili ndi tchimo lina limene limanditopetsa. Munthu akufuna m'nkhani imodzi alankhule za mabatire, za mapanelo, za mawaya, za mphezi, za mapampu a madzi, kuti tione kuti amadziwa zambiri. Chilichonse achigunda chiganizo chimodzi n'kuthamangira china. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wowerenga amatuluka chimanjamanja. Mafunso enawo asungeni, lililonse ndi nkhani yakeyake ya sabata ina.

Ndikudziwa chimene ambiri amaopa, amati ndikaulula zonse munthu adzapanga yekha, sadzandiitana. Mantha opanda pake. Amene angathe kudziwerengera yekha n'kukonza, ameneyo sakanakulipirani ngakhale mukanabisa. Ambiri akawerenga amazindikira kuti panelo lawo n'lochepa, ndipo akufuna wina woti awawonjezere lina, awasankhire waya woyenera, aone ngati kachipangizo kolamulira kudzaza kwa batire kangakwanitse. Adzaitana ndani? Yemwe uja anawauza zoona asanawatengere kalikonse. Kampani ya John Deere inayamba kufalitsa magazini ya The Furrow mu 1895, yophunzitsa alimi za ulimi, pomwe iyo malonda ake anali mapulawo ndi zida zina za kumunda. Sanaope kuti mlimi wodziwa adzasiya kugula. Ndiye inu mukubisa masamu a kuchulukitsa 12 ndi 100?

Njira yomweyi ndi ya aliyense, wowerengera ndalama, womanga nyumba, wokonza galimoto. Tsegulani mauthenga a makasitomala anu a miyezi itatu yapitayi, muone funso limene labwera kangapo. Lembani mmene mumaliyankhira pakamwa, munthu ataima patsogolo panu. Chodabwitsa n'chakuti pakamwa anthu omwewa amafotokoza bwino kwambiri, koma akangogwira cholembera amasanduka ena, amayamba mawu akuluakulu a m'buku oti kasitomala sanawamvepo. Liwu la ntchito lililonse limene simungalipewe, lifotokozeni pomwepo kamodzi m'mawu wamba. Mukamaliza, perekani nkhaniyo kwa munthu amene ntchito yanu saidziwa, aiwerenge kamodzi, mumufunse kuti tsopano achita chiyani. Akayankha kuti ndikayeza batire madzulo, nkhani yapsa. Akangoti mwalemba bwino, bwererani mukalembenso, chifukwa sanatolepo kanthu.

Ndipo musayeze nkhani ndi kuchuluka kwa amene aiyamikira. Anzanu ndi abale anu adzayamikira chilichonse. Yezani ndi mtundu wa mauthenga amene akubwera. Munthu akakulemberani kuti langa ndi la 150Ah, ndili ndi firiji, panelo ndi la 200W, kodi zikukwana, ameneyo ndi kasitomala, wabwera atanyamula kale manambala chifukwa munamuphunzitsa kuwayang'ana. Uthenga umodzi wotere ukuposa kuombera m'manja kwa anthu zana.

Nanga awa okopera nkhani za ena n'kungosintha dzina pansi, ndiwanene bwanji? Nkhani inalembedwera dziko lina, dzuwa lina, zida zina, iye waitenga yonse osayesa n'komwe nambala imodzi. Kasitomala aimba foni, afunsa kuti paja munati 12.2 ndi theka, nanga langa likusonyeza 13.1 masana, zikutanthauza chiyani? Munthu uja kakasi, chibwibwi, akuti ndikuimbiraninso. Saimbanso. Wawononga dzina lake, wawonongeranso anzake a ntchito yomweyo, chifukwa kasitomala uja tsopano akuti onsewa ndi amodzimodzi. Ngati simungathe kuyankha funso lotsatira pa nambala iliyonse imene mwalemba, ichotseni, ndipo ngati zonse zili choncho musalembe n'komwe.